Wotchi yoyeza thanzi kapena wotchi wamba: tisankhe iti?

Tikambirane za kanthu kakang'ono kovala pamkono. M'mashopu a mafoni ndi m'misika mwadzaza mawotchi amakono amene anthu akuwatchula kuti simatiwotchi. Wogulitsa amakuuzani kuti wotchiyo imawerenga masitepe, imayeza kugunda kwa mtima, imadziwa mmene mwagonera, ndipo ena amafika ponena kuti imayeza bipi ndi shuga. Munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti asamale thanzi lake amakopeka msanga. Koma akangomva kuti wotchiyo imafuna kutchaja ngati foni, amayamba kukayika, chifukwa wotchi imene anazolowera imatha zaka osaigwira.

Funso ndi lakuti: kodi pali wotchi yomwe ingatithandize kutsatira thanzi lathu koma batire lake n'kumakhalitsa? Yankho lalifupi ndi lakuti zinthu ziwirizi zimakokana. Chilichonse chimene wotchi ikuyeza chimadya moto. Choncho musanayambe kufunsa za batire, dziwani kaye chinthu chimodzi chimene mukufunadi kuyeza, kenako muone ngati wotchi imatha kuchiyeza molondola.

Kumene moto umathera

Wotchi wamba imagwira ntchito imodzi yokha, kusunga nthawi, ndipo ntchitoyi imafuna moto wochepa kwambiri. Wotchi ya mivi yokhala ndi kabatire kozungulira ngati batani imatha zaka ziwiri kapena zitatu. Wotchi yakuda ya manambala ya Casio F-91W, imene inayamba kupangidwa mu 1989 ndipo ambiri tinaivalapo, opanga ake amati batire lake limatha zaka pafupifupi 7. Palinso mawotchi otenga moto ku kuwala, monga a Citizen Eco-Drive ndi a Casio olembedwa Tough Solar, amene akadzaza amatha miyezi ingapo ngakhale ali m'kabati.

Simatiwotchi ndi yosiyana. Ili ndi zinthu zitatu zimene zimadya moto kwambiri. Choyamba ndi sikirini yowala. Chachiwiri ndi timagetsi tobiriwira timene timayaka kunsi kwa wotchi, kumene imakhudza khungu, toyezera mtima. Chachitatu ndi kulumikizana ndi zinthu zina: Bluetooth yolankhulana ndi foni, komanso GPS yolemba njira imene mwayenda. Pa zonsezi GPS ndiyo imamaliza batire mofulumira kwambiri.

N'chifukwa chake mawotchiwa tingawaike m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la amene ali ngati foni yaing'ono pamkono, monga Apple Watch ndi Samsung Galaxy Watch. Awa amatha tsiku limodzi kapena awiri. Kumbukiraninso kuti Apple Watch imagwira ntchito ndi foni ya iPhone yokha. Gulu lachiwiri ndi timawotchi topyapyala tokhala ngati kalamba, timene ena amati bandi, monga ta Xiaomi ndi ta Huawei. Opanga amati timatha pafupifupi milungu iwiri. M'gulu lomweli muli mawotchi a anthu othamanga, monga Garmin Instinct, amene amayandikira mwezi, koma mtengo wake ndi wokwera. Gulu lachitatu ndi losadziwika kwenikweni: mawotchi wamba amene anawonjezeredwa kowerengera masitepe kokha. Chitsanzo ndi G-Shock GBA-800 ya Casio, imene imawerenga masitepe koma imagwiritsa ntchito kabatire kabatani kotha zaka pafupifupi ziwiri. Siyeza mtima, ndipo n'chifukwa chake batire lake limakhalitsa.

Masiku amene alembedwa pabokosi musamawatenge ngati lonjezo. Opanga amawerengera wotchi itazimitsidwa zinthu zambiri. Mukayatsa zoti sikirini iziwala nthawi zonse, zimene pawotchi zimalembedwa kuti Always-on display, ndiponso zoti iziyeza mtima mphindi iliyonse usana ndi usiku, bandi ya milungu iwiri ingathe mlungu usanakwane.

Zimene wotchi imayezadi bwino

Masitepe amawerengedwa ndi kachipangizo komva kugwedezeka kwa mkono. Wotchi siiona miyendo yanu, imangomva mkono ukupita kutsogolo ndi kumbuyo n'kuganiza kuti mukuyenda. Mukamayenda mumsewu manja ali omasuka, imawerenga bwino ndithu. Koma ntchito zathu zambiri zimaisokoneza. Kuchapa, kusinja, kuvundula nsima ndi kupalira zimaonjezera masitepe amene simunayende. Kukankha njinga kapena wilibala, kapenanso kuyenda mutagwirizira ndowa pamutu, kumachititsa kuti masitepe enieni asawerengedwe, chifukwa mkono suli kugwedezeka. Kuvala wotchi kumkono umene simugwiritsa ntchito kwambiri kumachepetsako vutoli.

Kugunda kwa mtima kumayezedwa ndi timagetsi tobiriwira tija. Magazi amamwa kuwala kobiriwira. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'timitsempha ta pakhungu, ndipo kuwala kobwerera kuwotchi kumachepa pang'ono. Wotchi imawerenga kusinthasintha kumeneku. Mutakhala pansi phee, wotchi yabwino imapereka nambala yoyandikira kwambiri yeniyeni. Imalakwitsa ikakhala yokhwepa, mkono ukazizira, kapena mukamagwedeza mkono kwambiri. Ivaleni mothina pang'ono, pafupifupi chala chimodzi pamwamba pa kafupa ka pamkono.

Phindu lalikulu la simatiwotchi lili apa: imalemba yokha tsiku ndi tsiku, ngakhale muli m'tulo. Mtima wa munthu wamkulu wopuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Ngati wanu umagunda 68 masiku onse, kenako kwa masiku anayi otsatizana n'kumaonetsa 85 musanachite chilichonse, thupi likukuuzani kanthu: mwina malungo akuyamba, mwina madzi achepa m'thupi, mwina mwatopa kwambiri. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri, chimene chimathandiza ndi kuona kusintha kwake.

Za tulo, wotchi imayerekeza bwino nthawi imene munagona ndi imene munadzuka. Koma zithunzi zokongola zogawa tulo tofa nato ndi tulo topepuka ndi zongoyerekeza chabe. Mukadzuka muli ndi mphamvu koma wotchi n'kumati simunagone bwino, khulupirirani thupi lanu.

Zimene wotchi singakuyezereni

Apa m'pamene pagona ngozi, chifukwa matenda awiri amene akuvutitsa mabanja ambiri, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndi omwewo amene wotchi yapamsika siyeza.

Tiyambe ndi shuga. Mu February 2024, bungwe la boma la ku America loona za mankhwala ndi zakudya la FDA linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse imene ikunenedwa kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu. Linanena kuti silinavomereze chipangizo chilichonse chotere. Munthu wobaya insulini kapena womwa mapiritsi a shuga akakhulupirira nambala yabodza, angathe kumwa mankhwala olakwika muyezo, shuga n'kutsika mpaka kukomoka. Wotchi yolembedwa kuti imayeza shuga ndi chizindikiro chokwanira choti muisiye pomwepo.

Bipi nayonso imayezedwa molondola ndi lamba wopopa amene amafinya mkono. Pali mawotchi ena odula a Samsung amene amayerekeza bipi, koma ngakhale iwowo amafuna kuti muziwalinganiza ndi makina enieni a lamba milungu inayi iliyonse. Ndiye ganizirani za wotchi yotchipa yopanda dzina imene imakuonetsani 120/80 mutangoivala. Mawotchi ambiri otere amangotulutsa manambala ooneka abwino kwa aliyense. Munthu amene bipi yake ili 170/105 angasangalale ndi nambala imeneyo, n'kusiya mankhwala, pamene sitiroko ikuyandikira. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi, choncho palibe chimene chingamuchenjeze kuti wotchi ikumunamiza.

Palinso nambala ya mpweya m'magazi imene pawotchi imalembedwa kuti SpO2. Imeneyinso imayezedwa ndi kuwala kodutsa pakhungu, ndipo ife a khungu lakuda tiyenera kusamala nayo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan wa mu 2020 anapeza kuti ngakhale tizipangizo ta kuchipatala tovala kuchala tinkalephera kuonetsa kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Ngati ta kuchipatala timaphonya chonchi, wotchi singapose pamenepo. Munthu amene akubanika apite kuchipatala ngakhale wotchi ikunena 98.

Ndi bwino kunenanso chabwino chimodzi cha mawotchi odula. Ena ali ndi mbali yolembedwa ECG, imene inatchuka ndi Apple Watch ya mu 2018, yotha kuzindikira mtima wogunda mosalongosoka. Zimenezi zathandiza anthu ena kupita kwa dokotala msanga. Koma palibe wotchi imene imazindikira kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Kupweteka kofinya pachifuwa, thukuta lozizira ndi kubanika sizofunsa wotchi, ndi zothamangira nazo kuchipatala.

Tiyerekeze ndi mayi mmodzi

Tiyerekeze mayi wa zaka 52, wogulitsa mu golosale. Kuchipatala amupeza ndi bipi ya 156/96, amuyambitsa mapiritsi, ndipo amuuza kuti achepetse mchere komanso aziyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu. Zimenezi zikukwana mphindi 150, zomwe bungwe la WHO limalimbikitsa kwa munthu wamkulu pa mlungu. Kumene amakhala magetsi amazimazima, foni yake ndi ya Android wamba, ndipo mwana wake amene ali ku Joni wamufunsa kuti amutumizire wotchi yanji.

Choyamba tifunse: mayiyu akufunika kudziwa chiyani? Zinthu ziwiri basi. Kodi bipi ikutsika? Nanga kodi akuyendadi mphindi zija? Tsopano tiyeze njira zitatu ndi mafunso awiriwa.

Njira yoyamba ndi simatiwotchi yaikulu yotchaja tsiku lililonse. Pa chaka adzaitchaja pafupifupi ka 365. Akamaitchaja usiku, ndiye kuti siyeza tulo ndi mtima wopuma, zomwe ndi phindu lake lalikulu. Magetsi akazima masiku awiri, pa foni ndi wotchi adzasankha kutchaja foni, ndipo wotchi idzagona m'dirowa. Komanso batire la mtundu umenewu limayamba kufooka likatchajidwa maulendo mazana angapo, moti pakatha zaka ziwiri kapena zitatu silifikanso madzulo. Limakhala lomatiridwa mkati, ndipo wokonza mawotchi wapakhonde la sitolo, amene amasintha kabatire kabatani m'mphindi zisanu, nthawi zambiri sakhala nalo. Pa mafunso awiri aja, wotchiyi ikuyankha limodzi lokha, la kuyenda.

Njira yachiwiri ndi bandi. Mayiyu atazimitsa zosafunika, ingamathe masiku 10 mpaka 14, kutanthauza kutchaja ka 26 mpaka ka 36 pa chaka. Kabatire kake ndi kakang'ono, ka pafupifupi 200 mAh, pamene foni zambiri zili ndi 5,000 mAh. Choncho kasola kakang'ono ka panyumba kapena pawabanki zimaikwanira popanda vuto, ndipo imadzaza mu ola limodzi kapena awiri. Bandi idzamuwerengera masitepe, idzamuonetsa mtima wopuma, ndipo idzamukumbutsa kudzuka akakhalitsa pakauntala. Koma nayonso siyankha funso la bipi.

Njira yachitatu ndi wotchi wamba yoonetsa masekondi, pamodzi ndi makina a bipi a lamba wovala kumtunda kwa chigongono, amene ambiri amayendera timabatire ta AA kapena AAA topezeka m'golosale iliyonse. Makinawa amayankha funso loyamba. Mayi akhale pampando mphindi zisanu atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Ayeze kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kwa masiku 7 asanapite kukaonana ndi adokotala, ndipo alembe m'kope. Makina omwewo amaonetsanso kugunda kwa mtima. Funso lachiwiri likuyankhidwa ndi wotchi wamba ija: anyamuke 5:30, abwere 6:00, achonge pakalendala. Ngati akufuna kudziwa masitepe, kuyenda ndawala ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi, ndiye kuti mphindi 30 ndi masitepe pafupifupi 3,000. Angayesere kamodzi powerenga masitepe ake kwa mphindi imodzi akuyang'ana wotchi. Akapeza 80, aonjezere liwiro.

Kwa mayi ameneyu, njira yachitatu ndiyo ikuyankha mafunso onse awiri, ndipo siidalira magetsi. Uthenga wopita kwa mwana uja ukhale wakuti ayambe watumiza makina a bipi a lamba, ndipo ayeze kaye kukula kwa mkono wa mayi ake, chifukwa lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala. Ndalama zikatsala, aonjezere bandi. Bandiyo idzathandiza ngati mayi ndi munthu amene amalimbikitsidwa poona nambala ikukwera, koma isalowe m'malo mwa makina aja.

Yankho likanasintha mayiyu akanakhala munthu wina. Mnyamata wothamanga amene akufuna kudziwa makilomita ndi kugunda kwa mtima ali paliwiro, wotchi wamba singamukwanire, ndipo GPS ndi yofunika kwa iye ngakhale imadya moto. Munthu wogwira ntchito ya muofesi amene alibe matenda koma amakhala pansi tsiku lonse, bandi kapena wotchi yowerenga masitepe ya kabatire kabatani imukwanira. Ndipo musaiwale kuti foni zambiri zamakono zimatha kuwerenga masitepe zili m'thumba. Yesani zimenezo kwa mwezi umodzi. Mukaona kuti simuyang'anako n'komwe, wotchi yatsopano sidzasintha khalidwe limenelo.

Mmene mungaiyesere musanalipire

Ngati mwasankha simatiwotchi kapena bandi, pali mayeso awiri osavuta amene mungachite muli m'shopu momwemo. Loyamba ndi la mtima. Valani wotchiyo, khalani pansi, ndipo ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamtsempha wa mkono winawo kumunsi kwa chala chachikulu. Werengani kugunda kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Mukapeza 36, ndiye kuti ndi 72 pa mphindi, ndipo wotchi iyenera kuonetsa nambala yosatalikirana ndi imeneyo, mwina kusiyana ndi 5. Kenako imirirani, pondani pamalo amodzi mwamphamvu kwa mphindi ziwiri, muyezenso njira zonse ziwiri. Zala zanu zikapeza 100 koma wotchi ikadali pa 75, dziwani kuti timagetsi take ndi tokongoletsa chabe.

Lachiwiri ndi la masitepe. Onani nambala, yendani masitepe 100 mukuwerenga nokha manja ali omasuka, dikirani pang'ono, muonenso. Kusiyana kwa masitepe 5 kapena 10 n'kovomerezeka. Kusiyana kwa 40 ayi.

Funsaninso za chingwe chotchajira. Mawotchiwa ambiri ali ndi kachingwe kakekake ka maginito kosafanana ndi ka foni, ndipo kakatayika wotchi yatha ntchito mpaka mutapeza kena. Ngati mudzatchajira pa pawabanki, yesani kaye, chifukwa mapawabanki ena amazima okha akaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa kwambiri, ndipo mumadzuka wotchi isanadzaze. Za madzi, yang'anani chizindikiro cha 5 ATM, chimene chimasonyeza kuti mungachape ndi kusamba nayo, ngakhale madzi otentha ndi sopo amafooketsa timphira totchinga madzi m'kupita kwa nthawi.

Mukafika nayo kunyumba, chitani zinthu zinayi kuti batire likhalitse. Zimitsani Always-on display. Ikani kuti iziyeza mtima mphindi 10 zilizonse, osati mphindi iliyonse. Zimitsani kuyeza kwa SpO2 kwa usiku wonse. Ndipo letsani mauthenga a WhatsApp kuti asamafike pamkono, chifukwa uthenga uliwonse umayatsa sikirini ndi kunjenjemeretsa wotchi. Chomalizachi chili ndi phindu lina: mkono sumakusokonezani muli pakati pa mapemphero a banja kapena m'tchalitchi pa Sabata. Sankhaninso nthawi imodzi yotchajira, monga Lachisanu masana pamene mukukonza zina za m'nyumba, ndipo musadikire kuti batire lithe mpaka wotchi kuzima.

Mawu otsiriza akhale pa nambala ya 10,000 imene mawotchi ambiri amabwera ataika ngati cholinga cha tsiku. Nambala imeneyi sinachokere kuchipatala. Inatchuka ku Japan m'zaka za m'ma 1960 ngati dzina lotsatsira kachipangizo kowerengera masitepe. Kafukufuku wa mu 2019 wa ku Harvard pa amayi achikulire anapeza kuti phindu linkaoneka kale pa masitepe pafupifupi 4,400 pa tsiku, ndipo linkakwera mpaka cha pa 7,500. Choncho agogo amene wotchi ikuwaonetsa 5,000 asadzione olephera. Onani masitepe amene mumayenda mlungu woyamba, onjezerani 1,000 pa tsiku, ndipo sinthani cholinga cha pawotchicho kuti chigwirizane ndi inuyo. Amene muli ndi matenda a mtima, kapena mumamva chizungulire ndi kupweteka pachifuwa mukayenda, funsani kaye adokotala musanaonjezere.